Akuti muwakonzere galamala koma atumiza mutu wokha: yambani motere

Ngati kwanu kapena kusukulu mumadziwika kuti mumatha kulemba, uthenga wa mtundu uwu mwaulandirapo kale. Foni ilira cha m'ma 8 koloko usiku, ndipo mphwanu wa Fomu 3 walemba kuti: "Achimwene, mundikonzereko galamala pachimangirizo changachi, tikupereka mawa." Pansi pake pali mzere umodzi wokha wa zilembo zazikuluzikulu: KUIPA KODULA MITENGO MWACHISAWAWA M'DELA LATHU. Mudikira pang'ono poganiza kuti zina zikubwera, koma foni ili zii.

Apa ntchito siingayambike. Galamala imakhala m'ziganizo: mmene dzina lagwirizanira ndi mneni, nthawi imene mneni akunena, malo amene chiganizo chapumira ndi pamene chathera. Mutu ndi dzina chabe la nkhaniyo. Zili ngati munthu wafika kuchigayo ndi thumba lolembedwa dzina lake bwinobwino koma mulibe chimanga. Malangizo otsatirawa ndi a inu amene mwapemphedwa, kaya ndinu mphunzitsi, mkulu wake wa mwanayo, kapena mnzake wa kukoleji.

Dziwani kaye chimene chachitika

Musafulumire kukalipa, komanso musafulumire kuthandiza. Mutu umafika wokha pa zifukwa ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo yankho lanu lidalira kuti mwakumana ndi chiti.

Chifukwa choyamba n'chakuti chimangirizocho chilipo koma chakanika panjira. Izi zimachitika kawirikawiri pa WhatsApp. Mawu olembedwa ndi opepuka, amadutsa ngakhale netiweki ili yofooka kapena bandulo ikupita kokatha, pamene chithunzi kapena fayilo imafuna mphamvu zambiri. Mwana alemba mutu, atumiza, kenako ajambula masamba a kope lake n'kutumizanso, aika foni m'thumba ali ndi chikhulupiriro chonse kuti zapita. Kumbali yake, chithunzicho chikungozungulira kapena chili ndi kamuvi koloza m'mwamba kosonyeza kuti ayesenso. Uthenga umene sunachoke m'foni umakhala ndi kawotchi pakona m'malo mwa chizindikiro chochonga. Inu simungazione zimenezi, ndiye muyenera kumuuza kuti ayang'ane yekha.

Pali njira zinanso zimene nkhani imasowera. Pa imelo, munthu amalemba mutu pamzere wa Subject n'kuiwala kumata fayilo. Wina amakopera kuchokera m'chikalata cha Word koma chala chake chinangosankha mzere woyamba. Wina amatumiza ulalo wa Google Docs umene sanautsegulire anthu ena, ndipo inu mukaudina mumauzidwa kuti mupemphe chilolezo. Ngati pali fayilo, itseguleni ndithu n'kutsika mpaka pansi musanadandaule, chifukwa ena amaika mutu patsamba loyamba paokha, nkhani n'kuyambira patsamba lachiwiri. Kuuza munthu kuti sanatumize kanthu pamene nkhani ili pomwepo kumachititsa manyazi.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti chimangirizocho kulibe. Sichinalembedwe. "Mundikonzereko galamala" apa ndi njira yaulemu yonenera kuti "mundilembereko". Si nthawi zonse pamene mwanayo amakhala akuchenjera. Ena amachita manyazi kunena kuti asowa poyambira, ndipo ena amaganizadi kuti munthu wodziwa kulemba akaona mutu, zonse zimangotsika zokha.

Yankhani nthawi yomweyo, ndipo pemphani chinthu chimodzi chooneka

Musasiye uthengawo mpaka m'mawa. Ngati chithunzi chinakanika, mwanayo agona akuganiza kuti mukugwira ntchito yake, ndipo adzadzidzimuka nthawi itatha. Yankho labwino limanena chimene mwalandira, chimene chikusowa, ndi chimene achite tsopano. Kwa mphwanu mungalembe motere:

"Ndalandira mutu wokha, nkhaniyo sinafike. Taona ngati zithunzi zachoka kumbali yako. Jambula tsamba loyamba mmene lilili, ngakhale lili lofufutafufuta, unditumizire pompano."

Ngati wopemphayo ndi wamkulu, mwina mnzanu wa kuntchito amene akuchita maphunziro a kumapeto kwa sabata, mawu amasintha koma pempho ndi lomwelo: "Pepani bambo, kuno kwafika mutu wokha, mwina fayilo yatsalira. Mungayesenso kutumiza? Ngakhale ndime yoyamba yokha ndiyamba nayo."

Mawu akuti "mmene lilili" ndi amene amagwira ntchito yaikulu pamenepa. Amene analembadi amatumiza chithunzi pasanathe mphindi zochepa, nthawi zina ndi kupepesa kuti zolemba zake n'zosaoneka bwino. Amene sanalembe amayamba kuzungulira: kope latsala kusukulu, ndikufuna ndiyambe ndaona mmene inu mungayambire, foni yanga siijambula bwino. Mwadziwa choonadi popanda kumufunsa funso lomuika pakona lakuti "kodi walemba kapena sunalembe?" Funso limenelo limabala bodza, ndipo bodzalo likanenedwa mwana amavutika kulibweza.

Pewaninso kuyankha ndi "Chabwino, ndiona" kapena ndi chizindikiro cha chala chachikulu. Kwa iye zimenezo zikutanthauza kuti mwavomera ntchito yonse.

Chimene mungachite ndi mutu wokha

Podikira, pali kantchito kochepa koma koona kamene mutu umalola. Choyamba, mutuwo pawokha ungakhale ndi zolakwika. M'chitsanzo chathu muli M'DELA, pamene kalembedwe kovomerezeka ndi M'DERA. Lamulo lake n'lakuti m'kati mwa mawu, pambuyo pa i kapena e timalemba r, monga m'mawu akuti dera, phiri ndi bwera, ndipo pambuyo pa a, o ndi u timalemba l, monga khala, gogomola ndi dula. Samalani polifotokoza, chifukwa l amene akuyamba tsinde la mawu sasintha ngakhale kutsogolo kwake kubwere i: timalemba chilango, ndilibe, zilembo. Mawu obwereka ena, monga belu, nawonso satsatira lamuloli. Mutu sufunanso mpumiro kumapeto kwake, pokhapokha ngati uli funso, pamene umatenga mfunsiro.

Musanasinthe mawu ena alionse, funsani ngati mutuwo anapereka ndi aphunzitsi kapena anapeka yekha. Ngati ndi wa aphunzitsi, ntchito yake n'kuukopera mmene uliri pabolodi. Mungaone kuti "Kuipa kwa kudula mitengo" kukumveka bwino kuposa "Kuipa kodula mitengo", koma zonse ziwiri n'Chichewa cholondola, ndipo kusintha mutu wa mwini kalasi kungamuike mwana m'mavuto amene analibe.

Chachiwiri, mutu umakuuzani mtundu wa chimangirizo ndi nthawi ya aneni imene muyembekezere. Mutu wa kudula mitengowu ukufuna kufotokoza zimene zimachitika, choncho aneni ambiri adzakhala ndi -ma- ndi -ku-: nthaka imakokoloka, anthu akudula. Ukanakhala wakuti "Tsiku limene ndinasochera mumzinda", mukanayembekezera nthawi yakale kuyambira pachiyambi mpaka pamathero. Ukanakhala wa mtsutso, mukanayang'ana ngati wasankha mbali. Izi zimakukonzekeretsani maso, koma si kukonza galamala ya chimangirizo, ndipo muuzeni momveka kuti mwangoona mutu wokha. Apo ayi akanena kusukulu kuti achimwene anachiona kale.

Chifukwa chake simuyenera kulemba nokha

Chiyeso chimakhala chachikulu, makamaka ngati mutu ndi wosavuta. Mukudziwa kuti m'mphindi makumi awiri mungathe kulemba ndime zisanu zosalala za kukokoloka kwa nthaka ndi kuuma kwa mitsinje, mwana n'kukagona mosangalala. Ine ndimakana, ndipo zifukwa zake si za khalidwe lokha.

Mutuwo ukuti "m'dera lathu". Dera lake ndi la mwanayo, osati lanu. Iye ndi amene akudziwa phiri limene lameteka, mtsinje umene unkayenda chaka chonse koma tsopano umaphwa mu Ogasiti, ndi mtunda umene amayi ake amayenda kukatola nkhuni. Inu mukalemba muli m'tauni, mudzalemba zinthu zimene zingakwanire dera lililonse, ndipo mphunzitsi wochonga makope makumi asanu ndi limodzi amazizindikira msanga nkhani zopanda fumbi la kwawo kwa mwana. Amadziwanso Chichewa cha wophunzira wake. Mwana amene sabata yatha analemba "ambili" kasanu sangabwere lero ndi masamba awiri opanda banga aphunzitsi osadabwa.

Chachikulu n'chakuti zolakwika za mwanayo simukuzidziwa. Munthu aliyense ali ndi zolakwika zake zimene amazibwereza. Wina amasokoneza l ndi r, wina saika mpumiro mpaka ndime ithe, wina amayamba ndi nthawi yakale n'kulumphira ku yatsopano. Kukonza galamala ndiko kupeza zimenezi m'zolemba zake zenizeni n'kumuonetsa. Mukamulembera, zolakwikazo zimabisika, n'kudzatulukira m'chipinda cha mayeso a MANEB, mmene mulibe foni ndipo mulibe achimwene. Kukoleji nkhaniyi imakula kuposa apa, chifukwa kupereka ntchito yolemba wina ngati yako ndi mlandu wa kubera.

Pa chifukwa chomwecho, musamutumizire mndandanda wautali wa malamulo onse a chiyankhulo poganiza kuti mwathandiza. Mwina mwa malamulo khumi amene mungatumize, asanu ndi awiri amawatsata kale, ndipo amene amamuvutadi mwawasiya.

Akavomera kuti sanalembe

Apa pempho lasintha, ndipo ndi bwino kulitchula dzina lake: "Ndiye vuto si galamala, vuto ndi poyambira. Tiye tiyambe." Musamupatse ziganizo, mupatseni mafunso amene mayankho ake ali nawo yekha. Ndani akudula mitengo kwanuko, ndipo akuidulira chiyani: makala, nkhuni, kuotcha njerwa, kukuza minda? Chasintha n'chiyani chimene waona ndi maso ako? Akuvutika kwambiri ndani? Amfumu kapena anthu a m'mudzi achitapo chiyani?

Ana ambiri amene amauma manja akagwira cholembera amayankhula bwino kwambiri. Muuzeni ayankhe mafunsowo pojambula mawu ake kwa mphindi ziwiri, kenako amvetsere yekha n'kulemba zimene wanena. Yankho lililonse likhala ndime imodzi ya thunthu, ndipo chiyambi ndi mathero azilemba pomaliza. Mupatseni nthawi yodziwika: "Pofika 9:30 unditumizire ndime ziwiri." Zimene adzatumize zidzakhala ndi zolakwika zambiri, ndipo n'zimene mukufuna, chifukwa tsopano muli ndi chokonza.

Katumizidwe kake, ndi zofunsa musanagwire cholembera

Ngati chimangirizo chili m'kope, pemphani chithunzi, osati kuti achilembenso pafoni. Polemba pafoni mwana amalowetsa zizolowezi za pamacheza, monga kudula mawu, ndipo foni yokhayo imasintha mawu a Chichewa kuwakokera ku Chingerezi. Mudzataya nthawi kukonza zolakwika zimene m'kope mulibe. Ajambule tsamba limodzi pachithunzi chimodzi, kope litagona pathebulo, pamalo owala, mizere yonse ikuoneka mpaka m'mphepete. Alembe nambala pamwamba pa tsamba lililonse chifukwa zithunzi sizifika nthawi zonse mwa ndondomeko imene zinatumizidwira. Ngati zilembo zikuoneka mwachimbuuzi, atumize chithunzicho posankha Document, chifukwa njira imeneyo siichepetsa ubwino wa chithunzi, ngakhale imadya bandulo yochulukirapo. Zikafika, werengani masamba n'kumufunsa ngati ndi onse. Onaninso ngati chiganizo chomaliza cha tsamba loyamba chikulumikizana ndi choyamba cha tsamba lachiwiri.

Ngati ntchitoyo inalembedwa pakompyuta, pemphani fayilo ya Word osati ya PDF, kuti muthe kuyatsa Track Changes pansi pa Review, mwiniwake aone chilichonse chimene mwasintha. Mizere yofiira imene Word imaika pansi pa mawu a Chichewa musaitengere, ikungosonyeza kuti pulogalamuyo ikuyesa mawuwo ndi dikishonale ya Chingerezi.

Mufunikanso funso lonse mmene aphunzitsi analiperekera, osati mutu wokha, chifukwa m'menemo ndi mmene muli chiwerengero cha mawu ndi mfundo zimene akufuna. Tiyerekeze kuti aphunzitsi anati mawu asapitirire 400. Simuyenera kuwerenga limodzilimodzi. Werengani mawu a m'mizere isanu, gawani ndi 5 kuti mupeze mawu a mzere umodzi, n'kuchulukitsa ndi mizere yonse. Ngati mizere isanu ili ndi mawu 35, mzere uli ndi mawu 7, ndipo mizere 60 ikupereka mawu pafupifupi 420. Mwanayo wapitirira pang'ono, ndipo ayenera kudziwa asanakopere kachiwiri.

Funso lina limene ambiri amaiwala ndi la kalembedwe kamene sukuluyo imatsata. Ku Malawi timalemba chinthu ndi ntchito, motsatira malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa n'kuwakonzanso mu 1990. Mwana wophunzira Cinyanja ku Chipata kapena ku Lusaka amaphunzitsidwa kulemba cinthu ndi nchito. Mukamuchonga ndi muyeso wa ku Zomba, mumuwonongera ntchito imene inali yolondola kwa aphunzitsi ake.

Kwa amene mumakonza zolemba za anthu pa malipiro, musatchule mtengo kapena tsiku lomalizira mutangoona mutu. Mutu wa mawu asanu ndi limodzi ungabise masamba awiri, ungabisenso masamba makumi anayi.

Nkhani ikafika: chitsanzo cha ndime imodzi

Tinene kuti mphwanu uja wapeza kuti zithunzi zinakanika, watumizanso, ndipo ndime yoyamba ikuti:

"Kudela kwathu anthu akudula mitengo mwachisawawa ndipo izi zabweresa mavuto ambili. Mitengo ikatha nthaka imakokoloka nde chimanga sichibereka bwino komaso mitsinje imauma msanga. Chaka chatha m'nyamata wina anapita kuphiri kukaotcha makala ndipo adagwidwa ndi alonda a nkhalango. Boma likuyenera kuletsa mchitidwe oipawu ndipo apereke mbande kwa anthu aku mudzi"

Werengani chimangirizo chonse kamodzi osachonga kanthu. Mukayamba kukonza pamzere woyamba, mudzakhala mukuthamangitsa zilembo osaona kuti cholakwika chiti chikubwerezedwa. Pakuwerenga kwachiwiri, ikani zolakwika m'magulu.

Gulu loyamba ndi la l ndi r: kudela ndi ambili. Izi munaziona kale pamutu. Koma taonani kuti walemba kuphiri ndi sichibereka molondola. Ndiye kuti lamulolo salidziwa ngati lamulo, akungolemba mawu amene diso lake linazolowera. Mufotokozereni lamulo kamodzi, mukonze mawu awiriwa, ndipo mumuuze kuti afufuze yekha ena otere m'ndime zotsalazo.

Gulu lachiwiri ndi la kulemba mmene timayankhulira mofulumira: zabweresa m'malo mwa zabweretsa, komaso m'malo mwa komanso, nde m'malo mwa ndiye. Zimenezi mutu sukanakuuzani ngakhale pang'ono. Zimachokera pamacheza a pafoni ndi kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala ake n'kuwerenga mokweza pang'onopang'ono, phatikizo limodzilimodzi.

Lachitatu ndi nkhodolero m'mawu akuti m'nyamata. Nkhodolero imasonyeza kuti lembo lina lachotsedwa, makamaka u wa mu wosonyeza malo: m'nyumba, m'mudzi, m'dera. Mnyamata, mtsikana, mtengo ndi mchitidwe ndi mayina chabe, sakunena za m'kati mwa chinthu, choncho safuna nkhodolero. Njira yoyesera n'kufunsa kuti "kodi mawuwa akuyankha funso lakuti muti?" Ngati sakuyankha, nthawi zambiri nkhodolero ichoke.

Lachinayi ndilo galamala yeniyeni, ndipo ndi pamene muyenera kukhalitsa. Mchitidwe ndi dzina limodzi la m'gulu la Mu-Mi-, ndipo mfotokozi wake ayenera kukhala woipa, osati oipa. Oipa ndi wa zambiri za gulu la Mu-A-, monga anthu oipa. Ambiri timameza w poyankhula, n'chifukwa chake "munthu olemera" ndi "mtengo ouma" zadzaza m'makope. Kenako taonani chiganizo chomaliza: chayamba bwino ndi "Boma likuyenera", koma pofika pa mneni wachiwiri mwanayo waiwala mwininkhani, wayamba kuganiza za anthu a m'boma, n'kulemba apereke. Boma ndi la m'gulu la Li-Ma-, ndiye mneniyo akhale lipereke. Cholakwika chotere chimabisala m'ziganizo zazitali. Pochifufuza, ikani chala pa mneni aliyense n'kubwerera m'mbuyo kufunsa kuti akuchita ndani.

Pali anapita ndi adagwidwa m'chiganizo chimodzi. Anthu amagwiritsa ntchito -na- ndi -da- onse ponena zakale, ndipo aphunzitsi ambiri a Chichewa amakonda -da- m'zolemba za m'kalasi. Mufunseni chimene aphunzitsi ake amafuna, kenako atsate chimodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamathero. Zotsala n'zazing'ono: aku mudzi alembe akumudzi, mpatuliro ubwere pambuyo pa ikatha, chiganizo chachiwiri chidulidwe pawiri kuti chipume, ndipo mpumiro womaliza umene waiwalika ubwerere. Ndime yokonzedwa ikhala motere:

"Kudera kwathu anthu akudula mitengo mwachisawawa ndipo izi zabweretsa mavuto ambiri. Mitengo ikatha, nthaka imakokoloka ndiye chimanga sichibereka bwino. Komanso mitsinje imauma msanga. Chaka chatha mnyamata wina adapita kuphiri kukaotcha makala ndipo adagwidwa ndi alonda a nkhalango. Boma likuyenera kuletsa mchitidwe woipawu ndipo lipereke mbande kwa anthu akumudzi."

Ndimeyi idakali ya mwanayo. Palibe mwambi umene waonjezedwa, palibe mawu ozama amene iye sakuwadziwa. Mwina inu mukanalemba "choncho" pamene iye walemba "ndiye", koma kusiyana kwa kakomedwe si kulakwa, ndipo n'chimodzimodzi ngati analemba kudzala pamene inu mumati kubzala. Sinthani chokhacho chimene mungathe kufotokoza lamulo lake.

Koma muona kuti ndimeyi ili ndi vuto lina limene si la galamala. Nkhani ya mnyamata wogwidwayo siikusonyeza kuipa kodula mitengo, ndipo chiganizo chonena za boma n'choyenera kumathero, osati m'ndime yoyamba. Apa ndi pamene mutu umene unafika wokha uja umagwira ntchito yake, monga muyeso woonera ngati nkhani ikuyenda m'njira. Musasunthe ziganizozo nokha. Mulembereni padera kuti: "Izi si galamala, koma taganiza: nkhani ya mnyamatayo ikuthandiza bwanji mutu wako? Nanga za boma sizingadikire ndime yomaliza?" Asankhe yekha.

Kabwezedwe kake

Musatumize ndime yoyera yokha, chifukwa adzangoikopera osadziwa chimene chasintha. Ngati ndi zithunzi, muuzeni alembe manambala a mizere m'mphepete mwa kope ndi pensulo, ndipo inu mutumize zokonza motchula malo: "Tsamba 1, mzere 2: zabweretsa. Mzere 7: woipawu, chifukwa mchitidwe ndi umodzi." Ndime yoyamba ikonzeni mokwanira monga taonera. M'ndime zotsatira, ngati nthawi ilipo, ingotchulani mzere ndi mtundu wa cholakwika, monga "mzere 14, ona mgwirizanitsi", kuti apeze yekha. Ngati ndi usiku kwambiri ndipo ntchito ikuperekedwa m'mawa, yambani ndi zimene zimasokoneza tanthauzo, zomwe ndi agwirizanitsi, nthawi za aneni ndi ziganizo zopanda mpumiro, kenako l ndi r.

Nenaninso pamene mwalekezera. Ngati mwaona masamba awiri mwa atatu, lembani kuti tsamba lachitatu simunalione. Akamaliza kukopera patsamba loyera, atumize chithunzi china, chifukwa pokopera usiku mwana amalumpha mzere wathunthu kapena kubwezeretsa "ambili" yemwe uja. Pachithunzi chachiwirichi yang'anani malo okhawo amene munakonza, mzere woyamba ndi womaliza wa tsamba lililonse, ndiponso mutu pamwamba, ngati tsopano ukuti M'DERA.